"Ndine" kapena "Iye ndi": Mawu oyenera polemba mbiri yanu ya ntchito

Pafupifupi aliyense amene ali ndi luso lopezera ndalama amafika tsiku loti alembe ndime imodzi kapena ziwiri zofotokoza kuti iye ndani ndipo amachita chiyani. Pa LinkedIn malo ake amalembedwa kuti About. Wokonza msonkhano amakuuzani kuti mutumize mbiri yanu mwachidule lisanafike Lachisanu. Wosindikiza buku amafuna mizere ingapo yoika kuchikuto chakumbuyo, ndipo kampani yopikisana nawo pa tenda imafuna mbiri ya aliyense amene adzagwire ntchitoyo. Anthu ambiri sasowa zoti alembe. Chimene chimawaimitsa ndi liwu loyamba lenilenilo. Kodi ayambe kuti "Ndine namwino," kapena alembe dzina lawo n'kupitiriza kuti "ndi namwino," ngati kuti akufotokoza za munthu wina?

Ambiri amaganiza kuti nkhaniyi yagona pa kudzichepetsa ndi kudzikweza. Ena amati "ine" ndi liwu la munthu wodzitama, choncho amabisala kumbuyo kwa dzina lawo. Ena amati kulemba dzina lako ngati la mlendo ndiko kudzitukumula kwenikweni. Ine ndikuona kuti onsewa akuyang'ana kumbali. Funso loyenera kulifunsa ndi lakuti mawuwo adzatuluka pakamwa pa yani, ndipo wowerenga akamaliza kuwerenga adzachita chiyani. Ngati adzakuimbirani foni kapena kukulemberani uthenga, mulankhuleni nokha, ndi "ine". Ngati adzatenga mawuwo kukawerengera anthu ena, kukawasindikiza kapena kukawayerekeza ndi mbiri za anzanu, alembeni ndi dzina lanu.

Taganizirani mwambo uliwonse umene munapitako, kaya wotsegulira chipatala kaya wopereka masatifiketi. Mlendo wolemekezeka sanyamuka yekha kuti auze anthu za madigiri ake. Woyendetsa mwambo ndiye amaimirira n'kunena dzina la mlendoyo, udindo wake ndi kumene wachokera, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Koma mwambo ukatha, inu n'kupita kukamupatsa moni mlendo uja, iye n'kuyamba kukuuzani kuti "Bambo Uje anaphunzira ku Zomba ndipo amakonda kuthandiza anthu," mukhoza kucheuka kuti muone Bambo Ujeyo ali kuti. Mbiri yolembedwa ndi dzina ndi mawu a woyendetsa mwambo. Mbiri yolembedwa ndi "ine" ndi mawu a munthu amene mwagwirana naye chanza. Zonse ndi zaulemu, koma chilichonse chili ndi pake.

Chimene dzina limachita

Kulemba za iwe mwini ngati kuti ukunena za wina kunayamba kalekale. Juliasi Kaisara, mtsogoleri wa asilikali a Roma, analemba mbiri ya nkhondo zimene anamenya ku Gaulo pakati pa zaka za 58 ndi 50 Yesu asanabadwe, ndipo m'mabukumo amadzitchula kuti Kaisara, osati "ine". Nkhani yolembedwa chotero imamveka ngati lipoti la mboni imene inaima pambali, ngakhale kuti wolembayo ndi mwini nkhani amene akufuna kuti anthu a ku Roma amuone ngati ngwazi. Mphamvu ya kalembedwe aka ndi imeneyo, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Dzina limapatsa mawu maonekedwe a umboni. Ngati zimene mwalemba ndi zinthu zoti wina angathe kuzitsimikiza, maonekedwe amenewo akuyenerani. Ngati mwalemba zodzitamandira, mwanamizira mboni imene kulibe, ndipo owerenga ambiri amazindikira.

Phindu lina ndi losavuta kuliona. Ndime yolembedwa ndi dzina imatha kuyenda yokha. Mtolankhani angathe kuikopera m'nkhani yake osasintha liwu. Muulutsi wa pa wailesi angathe kuiwerenga asanakupatseni mpata wolankhula. Wokonza kabuku ka msonkhano angathe kuiika pakati pa mbiri za anthu ena khumi, ndipo wowerenga adziwabe kuti ikunena za yani, chifukwa dzina lili m'chiganizo choyamba. Ndime yoyamba ndi "Ndine" ikachotsedwa pafupi ndi chithunzi chanu imasanduka yamasiye. Wokonza kabukuyo ayenera kukhala pansi n'kuitembenuza yekha, ndipo apa m'pamene mayina a masukulu amalakwika, maudindo amasinthika, ndipo chiganizo chimene munachikonda kwambiri chimadulidwa.

Chitsanzo chabwino cha mawu awiriwa chili m'buku limodzi lodziwika kuno kwathu. William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene ali mnyamata anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, anatulutsa buku la The Boy Who Harnessed the Wind m'chaka cha 2009 pamodzi ndi mtolankhani Bryan Mealer. Nkhani ya m'katimo akuifotokoza yekha ndi "ine", chifukwa wowerenga akufuna kumva njala, kusiya sukulu ndi kutola zitsulo kuchokera kwa amene zinamuchitikira. Koma mizere yofotokoza za olemba, monga zimakhalira m'mabuku ambiri, ikumutchula ndi dzina, chifukwa pamenepo akulankhula ndi wosindikiza, kudziwitsa ogula kuti wolembayu ndani. Munthu ndi yemweyo, buku ndi lomwelo, koma wolankhula wasintha.

Mayi wina wowerengera ndalama

Tiyerekeze kuti pali mayi wina, timutche Mayi Uje, amene anagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina ku Blantyre kwa zaka zingapo, ndipo tsopano waima payekha ku Zomba. Makasitomala ake ndi eni magolosale, ogulitsa mbewu ndi feteleza, ndi sukulu zing'onozing'ono zomwe si zaboma. Atafuna kulemba mbiri yake pa LinkedIn, anayang'ana zimene mabwana ake akale analemba n'kutengera. Zinatuluka motere:

"Mayi Uje ndi katswiri wodziwika bwino pa nkhani za chuma. Iwo ndi munthu wokhulupirika, wolimbikira ntchito komanso wokonda anthu. Ali ndi luso lochuluka pa kawerengedwe ka ndalama ndipo athandiza mabizinesi ambirimbiri. Ndiimbireni lero kuti ndikuthandizeni."

Ndime imeneyi ili ndi matenda atatu, ndipo onse akuchokera pa kusankha mawu osayenera malowo. Oyamba ali m'chiganizo chomaliza. Kwa ziganizo zitatu wina wake wakhala akutiuza za Mayi Uje, kenaka mwadzidzidzi akuti "ndiimbireni". Tiimbire yani? Kutsetsereka kotere kumachitika kawirikawiri, ndipo kumachitika pa chifukwa chomveka. Mtima wa wolembayo ukufuna kulankhula ndi kasitomala, koma kalembedwe kamene wasankha sikakumulola, ndiye pamapeto mtima umapambana. Mukaona kuti dzanja lanu likuthawira ku "ndi-" pamene mukufuna kuitana wowerenga, dziwani kuti ndime yonseyo imafunika "ine" kuyambira pachiyambi.

Matenda achiwiri ndi mawu oyamikira aja. Wodziwika bwino kwa yani? Wokhulupirika malinga ndi yani? Pa LinkedIn aliyense amadziwa kuti mwini akaunti ndiye amalemba zonse, chithunzi chake chili pamwamba, ndipo mukamutumizira uthenga ayankha yekha. Choncho wowerenga akuona Mayi Uje akudziyamikira okha kwinaku akunamizira kuti ndi wina. Chodabwitsa n'chakuti mayi yemweyu sakanalemba kuti "Ndine wodziwika bwino komanso wokhulupirika." Manyazi akanamugwira. Liwu la "ine" lili ndi ubwino umenewu, kuti limakukanizani kulemba zimene simunganene pamaso pa munthu, n'kukukankhirani ku zinthu zenizeni zimene munachita.

Matenda achitatu ndi oti palibe paliponse pamene mwini golosale angadzione. Iye sakufuna katswiri wa chuma. Akufuna munthu woti amuthandize chifukwa malisiti ake ali m'jumbo pansi pa kauntala, ndipo wamva kuti sangapikisane nawo pa tenda yoperekera chakudya kusukulu popanda satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Tsopano taonani ndime yomweyo italembedwanso:

"Ndimathandiza eni magolosale, ogulitsa zipangizo za ulimi ndi sukulu zing'onozing'ono ku Zomba ndi Machinga kusunga bwino mabuku a ndalama ndi kulipira msonkho ku MRA nthawi yake isanadutse. Ambiri amabwera kwa ine malisiti ali m'jumbo, ndipo si vuto, timayambira pomwepo. Ndimabwera kushopu kwanu kamodzi pamwezi, ndimalemba zolowa ndi zotuluka, ndipo ndimakusiyirani pepala limodzi losonyeza ngati mwapindula kapena ayi. Ndisanaime pandekha mu 2021 ndinkagwira ntchito yomweyi pakampani ina ku Blantyre. Ndine membala wa ICAM. Ngati mukufuna satifiketi ya msonkho yoti mukapikisanire tenda, ndilembereni uthenga pano ndipo ndikuuzani mapepala oyenera kusonkhanitsa."

Mulibe liwu limodzi loyamikira m'menemu, koma wowerenga akutuluka akumukhulupirira mayiyu kuposa poyamba. Chiganizo cha jumbo chija sichikanatheka ndi dzina. "Mayi Uje saona vuto ndi malisiti a m'jumbo" ndi chiganizo chozizira, pamene "si vuto, timayambira pomwepo" ndi mawu a munthu amene akukutsitsani mtima. Onaninso kuti ndimeyi sinayambe ndi "Ndine". Yayamba ndi ntchito ndi anthu amene akuthandizidwa. Izi n'zofunika pa LinkedIn chifukwa ngakhale malo a About amalola zilembo zokwana 2,600, wowerenga amaona mizere yoyambirira yokha pokhapokha atadina kuti aone zotsalazo. Mukawononga mizere imeneyo ndi dzina lanu ndi udindo wanu, zimene zalembedwa kale pamwamba pafupi ndi chithunzi, mwamubwerezera zimene akudziwa kale.

Patapita miyezi ingapo, tiyerekezebe, bungwe lina likuitana Mayi Uje kuti akaphunzitse amayi ochita bizinesi za kasungidwe ka mabuku, ndipo likupempha mbiri yosapitirira mawu 50 yoti iikidwe m'kabuku ka maphunzirowo. Apa ndime ya "ine" ija siigwira ntchito. Imene ikufunika ndi iyi:

"Uje ndi wowerengera ndalama wa ku Zomba ndipo ndi membala wa ICAM. Kuyambira 2021 wakhala akuthandiza magolosale, ogulitsa zipangizo za ulimi ndi sukulu zing'onozing'ono pa kasungidwe ka mabuku ndi nkhani za msonkho. Asanaime payekha ankagwira ntchito pakampani ina ku Blantyre."

Jumbo yachoka, kuitana kasitomala kwachoka, ndipo kwatsala zinthu zoti woyendetsa maphunziro angaziwerenge mokweza popanda kuchita manyazi kapena kunama. Lamulo la ndime yotere ndi lomweli. Ikani zokhazo zimene munthu wosakudziwani angathe kuzinena ndi mtima umodzi: dzina, ntchito, malo, chaka, bungwe limene linakulembetsani, buku limene munalemba, mphoto imene munalandira ndi dzina lake lenileni. Zimene mumakhulupirira, zimene zimakusangalatsani ndi chifukwa chimene munasankhira ntchitoyi ndi za "ine". Chiganizo chakuti "Uje amakhulupirira kuti mlimi aliyense ayenera kudziwa phindu lake" chimachititsa wowerenga kufunsa kuti wolembayo analowa bwanji mumtima mwa Uje.

Mwina mwaona kuti m'ndime zonse ziwiri mwalembedwa chaka, osati chiwerengero cha zaka. Ndime zoterezi zimakhala nthawi yaitali osakonzedwa, makamaka ya dzina ija, imene ikachoka m'manja mwanu simungaibwezenso. "Wakhala akugwira ntchitoyi kwa zaka zinayi" chimakhala bodza chaka chamawa, pamene "kuyambira 2021" chidzakhala choona mpaka kalekale.

Ntchito iti, mawu ati

Anthu amene ntchito yawo imafuna kuti kasitomala awalowetse m'nyumba mwake, m'thumba mwake kapena mumtima mwake amapindula kwambiri ndi "ine". Woika magetsi a dzuwa, telala, wojambula zithunzi za ukwati, mphunzitsi wa ana wobwera kunyumba, mlangizi wa mabanja ndi wa maganizo, onsewa akugulitsa luso limodzi ndi umunthu wawo. Munthu amene akufuna kukakamba za banja lake limene likugwedezeka amawerenga mbiri ya mlangizi akufunsa chinthu chimodzi, ngati angathe kumasuka pamaso pa munthu ameneyu. Yankho amalipeza m'kamvekedwe ka mawu, ndipo ndime ya dzina imabisa kamvekedwe kameneko. Woika magetsi angathe kutchula satifiketi yake ya TEVETA m'chiganizo chimodzi, koma chimene chimamupezera ntchito ndi chiganizo chonena kuti amayamba wawerengera mababu, firiji ndi wailesi ya kanema za m'nyumbamo asananene kukula kwa batire, ndiponso kuti chikavuta amabweranso. Lonjezo limafuna mwini wake. Palibe amene angalonjeze m'malo mwanu.

Wofuna ntchito nayenso ali m'gulu lomweli. Mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza kumene ku koleji akalemba za iye mwini ndi dzina, ndimeyo imaoneka yopanda kanthu, chifukwa kalembedwe ka dzina kamadya maudindo, mphoto ndi zaka, zimene iye alibe. Chimene ali nacho ndi zimene anachita pa nthawi yophunzira ntchito, vuto limene anathetsa, ndi mtundu wa ntchito imene akuifuna, ndipo zonsezi zimanenedwa bwino ndi mwini wake. Chikalata cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito chimene timatumiza pofunsira ntchito chili ndi mwambo wakewake, woti salembamo "ine" kapena "iye". Mumangolemba kuti "Wowerengera ndalama, membala wa ICAM, wodziwa za msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono." Njira yachitatu imeneyi imathandizanso pamalo opapatiza, monga mzere wa pansi pa dzina lanu, koma singakoke ndime yathunthu. Ikapitirira mizere iwiri imayamba kumveka ngati mndandanda wa katundu.

Mbali inayo kuli anthu amene kukhulupirika kwawo kwatsamira pa bungwe. Dokotala pa mndandanda wa madokotala a chipatala, loya pa kabuku ka kampani ya maloya, injiniya m'mapepala a tenda, mphunzitsi wa pa yunivesite, mkulu wa bungwe m'lipoti la pachaka. Apa wolankhula ndi chipatalacho kapena kampaniyo, imene ikuuza anthu kuti awa ndi anthu athu ndipo tikuwaikira umboni. Wodwala akufuna kudziwa kumene dokotala anaphunzira, matenda amene amaona, ndiponso kuti ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Woyang'ana mapepala a tenda ali ndi mbiri zambiri patebulo ndipo akufuna kuziyerekeza msanga. Pamalo otere chofunika kwambiri ndi kufanana. Ngati maloya anayi alembedwa ndi mayina ndipo wachisanu walemba kuti "Ndimakonda kumenyera ufulu anthu osauka," wachisanuyo amaoneka ngati mlendo pakampani yakeyo, ndipo kampani imaoneka ngati ilibe woyang'anira zolemba zake. Madokotala ndi maloya alinso ndi malamulo a ntchito zawo okhudza kudzitsatsa, choncho ndime youma ya zinthu zotsimikizika imawateteza.

Komabe musamve ngati ndikunena kuti dokotala ndi wa "iye" moyo wake wonse. Dokotala yemweyo akatsegula kachipatala kake n'kumalemba pa akaunti yakeyake, wabwerera pamalo ogwirana chanza. Ofufuza za sayansi amadziwa bwino kusinthasintha kumeneku. Kumapeto kwa nkhani yawo m'magazini a zofufuza mbiri yawo imalembedwa ndi dzina. Koma ofufuza za umoyo akamapempha ndalama ku National Institutes of Health ya ku America, fomu ya mbiri yawo imakhala ndi gawo lotchedwa Personal Statement, ndipo m'menemo ambiri amalemba ndi "ine", chifukwa akufotokozera oweruza chifukwa chimene iwo ali oyenera kugwira ntchito imeneyo. Udindo wa munthu sunasinthe. Chasintha ndi amene akumvetsera.

Oimba, olemba mabuku, osema ndi ojambula ndiwo amafunika ndime zonse ziwiri kuposa wina aliyense. Ntchito yawo imafalitsidwa ndi pakamwa pa anthu ena, aulutsi, atolankhani, okonza zisangalalo, choncho mbiri ya dzina iyenera kukhala yokonzeka nthawi zonse, yaifupi ndi yaitali. Woimba amene alibe ndime yotere amadzamva muulutsi akumutchulira boma lolakwika kapena chimbale cha munthu wina. Koma pachionetsero cha zojambula, pambali pa mbiri pamakhala mawu a mwini zojambulazo ofotokoza chimene akufuna kunena ndi ntchito yakeyo, ndipo amenewa ndi a "ine" basi.

Vuto la ulemu ndi vuto la "ife"

Wolemba m'Chichewa amakumana ndi mtunda wina umene wolemba m'Chingerezi sauona. Mukasankha kulemba ndi dzina, muyeneranso kusankha ngati mudzipatse ulemu kapena ayi. Kodi mulembe kuti "Uje wakhala akuthandiza" kapena "A Uje akhala akuthandiza"? Kodi "iye" kapena "iwo"? Ulemu kwathu kuno amakupatsa ndi anzako, sudzipatsa wekha, ndipo munthu wodzitchula kuti "iwo" m'ndime imene aliyense akudziwa kuti walemba yekha amaoneka ngati wadzikhazika pampando wa mfumu. Komanso mayi wachikulire kapena m'busa akalembedwa ndi dzina lokha ndi "iye" m'kabuku ka mwambo, owerenga amaona ngati bungwe lamuchita chipongwe.

Njira imene ndimaiona yabwino ndi yotsata wolankhula yemwe uja. Ngati ndimeyo ituluka m'dzina la bungwe, la mpingo kapena la okonza mwambo, ulemu ndi woyenera, chifukwa akukulemekezani ndi iwowo, ndipo onse a pa mndandandawo alandire ulemu wofanana. Inu potumiza mukhoza kulemba mopanda ulemuwo n'kusiyira okonzawo kuti awonjezere "a" ndi "iwo" malinga ndi mwambo wawo. Kuchikuto cha buku ndi kumapeto kwa nkhani ya m'magazini dzina lokha ndi "iye" n'zokwanira, ndipo owerenga anazolowera. Ngati mukuona kuti "iye" akukuchepetsani pamene "iwo" akukukuzani mopitirira, nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti malowo ndi anuanu ndipo amafuna "ine". Mulimonsemo, musasakanize. Ndime yoyamba ndi "wakhala" n'kudzathera ku "akhala" imasonyeza wolemba amene anayamba modzichepetsa n'kusintha maganizo pakati panjira.

"Ife" ali ndi vuto lakelake. Anthu ambiri ogwira ntchito okha amalemba kuti "Timapanga mipando ya mtundu uliwonse" pofuna kuoneka ngati kampani yaikulu. Pakamwa zimamveka bwino, chifukwa m'chilankhulo chathu munthu mmodzi amatha kunena kuti "tabwera" mwaulemu, ndipo palibe amene amadabwa. Koma pa pepala la bizinesi "ife" ndi lonjezo lakuti pali anthu angapo, kuti mmodzi akadwala ntchito ipitirira, kuti oda ya mipando 200 ya sukulu itheka pa nthawi yake. Kasitomala akadzafika n'kupeza kalipentala mmodzi ndi mwana wophunzira ntchito, amayamba kukayikira zina zonse zimene anawerenga. Ngati muli nokha, nenani kuti muli nokha, chifukwa kwa makasitomala ambiri imeneyo ndi nkhani yabwino. Akudziwa kuti amene alankhula naye pa foni ndi yemweyo amene adzagwire ntchitoyo. Ngati mulidi gulu, "ife" ndi woyenera pofotokoza za kampani, ndipo mbiri ya munthu aliyense payekha ilembedwe ndi dzina.

Kuyesa ndime musanaitumize

Ndime ya "ine" imayesedwa poiwerenga mokweza ngati kuti kasitomala wakhala patsogolo panu. Pamene lilime likukana kapena nkhope ikutentha, pamenepo pali chiganizo chodzitama kapena chokopera kwa ena, ndipo chichotsedwe kapena chisinthidwe ndi chinthu chimene munachitadi. Kenaka yang'anani poyambira pa ziganizo zanu. Ngati zonse zikuyamba ndi "Ndine", "Ndili ndi", "Ndinaphunzira", wowerenga amatopa, ndipo apa m'pamene pamachokera mbiri yoipa ya kalembedwe aka. Mankhwala ake si kuthawira ku dzina ayi. Yambani ziganizo zina ndi kasitomala, ndi vuto lake kapena ndi nthawi, monga momwe Mayi Uje analembera kuti "Ambiri amabwera kwa ine" ndi "Ngati mukufuna satifiketi".

Ndime ya dzina imayesedwa mwanjira ina. Ipatseni mnzanu kuti akuwerengereni mokweza inu mutakhala pomwepo, ngati kuti akukudziwitsani kwa gulu. Chiganizo chilichonse chimene iye angafunse kuti "Kodi izi ndi zoona?" kapena chimene sangathe kuchiikira umboni chiyenera kuchoka. Onetsetsani kuti dzina lathunthu lili m'chiganizo choyamba, kamodzi kokha, ndipo pambuyo pake mugwiritse ntchito dzina limodzi lomwelomwelo. Ngati mwatchula munthu wina m'ndimemo, monga mphunzitsi wanu kapena mnzanu amene munayambitsa naye bizinesi, werenganinso mosamala chiganizo chotsatira. "Uje anaphunzira ntchito kwa mmisiri wina wa ku Mzuzu. Anatsegula shopu mu 2015" sichikunena kuti anatsegula shopuyo ndani, ndipo wokonza kabuku wothamanga akhoza kupereka shopu yanu kwa mphunzitsi wanu.

Polemba, yambani ndi ya "ine" ngakhale imene yapemphedwa ndi ya dzina. Kuchotsa n'kosavuta kuposa kuwonjezera. Mukakhala ndi ndime yonena momasuka zimene mumachita, mumangotolamo zinthu zotsimikizika n'kuziika pansi pa dzina lanu, koma mukayamba ndi ya dzina n'kungosintha "wa-" kukhala "nda-", mumapeza ndime ya "ine" youma ngati fomu ya ku ofesi. Sungani zonse pamalo amodzi mu foni kapena pa kompyuta: ya "ine" yoika pa akaunti zanu, ya dzina ya mawu pafupifupi 50, ndi ina ya dzina ya mawu pafupifupi 150 yotumiza kwa atolankhani ndi okonza misonkhano ikuluikulu. Wina akakupemphani mbiri osanena mtundu wake, mufunseni kumene ikaikidwe ndi kuchuluka kwa mawu amene akufuna. Ngati sakuyankha ndipo nthawi yatha, tumizani ya dzina yaifupi ija, chifukwa munthu wopempha mbiri yanu nthawi zambiri amakhala kuti akukaipereka kwa anthu ena.